Anthu 30,000 aonera kanema, koma agula angati?

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi sukulu yophunzitsa kusoka ku Lilongwe. Wajambula kanema wosonyeza mmene amadulira kolala ya malaya, n'kumuika pa Facebook ndi pa YouTube. Mwezi usanathe, pa Facebook amuonera maulendo 30,000, pa YouTube 2,000 okha. Ophunzira 15 alembetsa patsamba la sukuluyo pa intaneti. Mayiyo akufuna kudziwa kumene angaikenso ndalama zotsatsira malonda mwezi wamawa, ndipo mtima ukumukokera ku Facebook. Koma nambala ya oonera siinena kuti ophunzira 15 aja anachokera kuti.

Chimene chingamuuze ndi timawu tochepa towonjezera kumapeto kwa linki, totchedwa UTM. Dzinali linachokera ku kampani ya Urchin, imene Google inagula mu 2005 n'kupangira Google Analytics. Linki ya mayiyu, yoika pansi pa kanema wa pa YouTube, ingaoneke chonchi:

```
https://example.com/lembetsani?utm_source=youtube&utm_medium=video&utm_campaign=kusoka
```

Zonse zobwera pambuyo pa chizindikiro cha funso sizisintha tsamba limene munthu akufikapo. Zili ngati kapepala komata pathumba la chimanga kosonyeza kumene lachokera. Mawu a `utm_source` akunena malo amene munthu wadinira, `utm_medium` akunena mtundu wa njira yotsatsira, pomwe `utm_campaign` ndi dzina la ntchito yotsatsayo. Pa Facebook mayiyo aika linki yomweyo, kungosintha `youtube` kukhala `facebook`. Akakhala ndi makanema awiri pamalo amodzi, `utm_content` ndi imene imawasiyanitsa.

Linki payokha siikwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri amalekezera ntchito panjira. Tsambalo liyenera kukhala ndi Google Analytics kapena chida china chowerengera alendo, ndipo chidacho chiyenera kuuzidwa chimene chikutanthauza kuti munthu walembetsa. Njira yosavuta ndi kukhala ndi tsamba lothokoza limene limatseguka pokhapokha munthu akatumiza fomu. Aliyense wofika patsamba limenelo amawerengedwa kuti walembetsa.

Tsopano mayi uja atsegula lipoti. Kuchokera ku YouTube, anthu 80 anadina ndipo 12 analembetsa. Kuchokera ku Facebook, 60 anadina, olembetsa atatu. Ngati analipira K60,000 kuti kanema wa pa Facebook afike kwa anthu ambiri, ndiye kuti wophunzira aliyense wochokera kumeneko wamudyera K20,000. Zoterezi sizodabwitsa. Kwa zaka zambiri Facebook yakhala ikuwerengera ngakhale munthu amene kanema wamudutsa m'maso masekondi atatu okha, pomwe amene wachita kufunafuna pa YouTube mmene amasokera kolala ali kale ndi chidwi.

Komabe lipotilo lisatengedwe ngati lanena zonse. Linki imaona munthu amene wadina basi. Mtsikana amene anaonera kanema pa Facebook Lolemba, n'kukakambirana ndi amayi ake, kenako Loweruka n'kulemba yekha adiresi ya tsambalo pafoni ya mchimwene wake, adzaoneka pansi pa mawu akuti Direct, ngati kuti kanemayo sanachitepo kanthu. Chizindikiro cha vutoli ndi chakuti alendo a Direct, kapena ofufuza dzina la sukuluyo pa Google, amachuluka m'masiku otsatira kutuluka kwa kanema. Palinso vuto lina: munthu akakopera linki ya pa YouTube n'kuiponya m'gulu la WhatsApp la kutchalitchi, timawu tija timapita nayo, ndipo onse odina kumeneko amalembedwa kuti achokera ku YouTube.

Zolakwika zina n'zapamanja. `Facebook` ndi `facebook` amatuluka ngati malo awiri osiyana mu lipoti, choncho ndi bwino kulemba zonse m'zilembo zazing'ono ndi kusunga mndandanda wa malinki onse pamalo amodzi.

Kuno kwathu mpata waukulu uli poti malonda ambiri sathera patsamba. Kasitomala amafunsa mtengo pa WhatsApp n'kulipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, kumene Google Analytics siifika. Apa pamathandiza linki ya WhatsApp yokhala ndi uthenga wolemberatu:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=KOLALA
```

Munthu akadina, mawu akuti KOLALA amakhala atalembedwa kale, iye n'kungotumiza. Kanema wina apatsidwa mawu ena, monga SIKETI. Mayi uja akalandira uthenga, amalemba m'kope mawuwo, tsiku ndi nambala ya foni, ndipo ndalama ikalowa amachonga pamzere womwewo. Amene wafufuta mawuwo asanatumize, kapena wangotulukira pakhomo ndi ndalama m'manja, mayiyo amamufunsa pomulembera lisiti kuti, “Munamva kuti za sukulu yathu?” Yankho lake limalowa m'kope lomwelo.