Pulagi ikakanirira mu hedi

Jenereta yakana kulira, mwini wake wagula pulagi yatsopano, koma yakaleyo ikukana kutuluka. Apa ambiri amalowetsa paipi yaitali ku sipanala kuti mphamvu ichuluke, ndipo ntchito ya mphindi zochepa imakathera kwa makaniko.

Pulagi ndi yachitsulo, pomwe hedi ya mainjini ang'onoang'ono a petulo, monga Honda GX160 ya m'majenereta ndi m'mapampu othirira kudimba, ndi ya aluminiyamu wofewa. Ziwirizi zikalimbana, mazinga a hedi ndiwo amatha. Chimene chimagwira pulagi nthawi zambiri ndi dzimbiri la madzi odikha m'dzenje lake, mwaye wouma pa mazinga, kapena dzanja la munthu amene anaimanga mopyola muyeso.

Makaniko wodziwa amayamba wachotsa mchenga wozungulira pulagi kuti usagwere mu silinda. Kenaka amapopera mafuta osungunula dzimbiri, monga WD-40, n'kuwasiya usiku wonse. Kukacha, ngati injini ikutha kulira, amailiza mphindi ziwiri kapena zitatu kuti hedi ifunde, chifukwa aluminiyamu amafutukuka kuposa chitsulo ndipo pulagi imapeza mpata. Kufunda kokha, osati kutentha: hedi yotentha kwambiri imasupuka mazinga mosavuta. Zowotcha ndi moto wa gasi pafupi ndi thanki ya petulo n'kudziputira ngozi.

Pa GX160 pamalowa bokosi sipanala ya mamilimita 21, ndipo iyenera kukhala chilili, chifukwa ikapendekeka imaswa mbali yoyera ija. Makanikoyo amaikankhira kaye pang'ono kumbali yomangira kuti dzimbiri lisweke, ndiyeno n'kubwerera kumbali yomasulira. Ikangosuntha, saithamangitsa ayi. Amamasula pang'ono, n'kubweza, n'kuthiranso mafuta, mpaka mpata utakula.

Nkhani yonse ili m'dzanja. Pulagi yolira kwii! kwii! koma n'kumapepuka ikubwera bwino. Imene ikulemera pamene ikutuluka ikukokolola aluminiyamu, ndipo pamenepo n'pofunika kuibweza n'kuinyikanso m'mafuta. Sipanala ikafewa mwadzidzidzi ndiye kuti mazinga apita, kapena pulagi yaduka.

Ikaduka, chotsalira m'dzenje chimatuluka ndi kachitsulo kokolera zoduka, kamene amakakhomera mkati atachotsamo mbali yoyera. Ndi bwino hedi itachotsedwa kaye, popeza kachidutswa kogwera pa pisitoni kamakala silinda. Mazinga otha sapherapo hedi: amadula ena okulirapo n'kulowetsamo kawaya kopota ka Helicoil, dzenje n'kubwerera pa mamilimita 14.

Pulagi yatsopano imalowa ndi zala, injini itazizira. Ikakana poyambirira ndiye kuti yalowa mokhota, itulutsidwe. Washa ikakhudza hedi, sipanala imangowonjezera theka la mzungulo, ndipo pulagi yogwirapo kale ntchito isapyole kota.