Kumanga mabawuti mopingasa kuti paipi isadonthe

Pamene mapaipi awiri achitsulo akumana, kaya pa pampu ya madzi kapena m'fakitale, pamakhala zitsulo ziwiri zozungulira, zamabowo m'mphepete, zomwe amisiri amazitcha mafulanje. Pakati pake amapanirapo gasiketi, yomwe pa mapaipi a madzi kawirikawiri imakhala ya labala. Pakayamba kudontha, ambiri amathamangira kunena kuti gasiketi ndi yachabechabe, chonsecho wolakwa nthawi zambiri ndi amene anagwira sipanala.

Munthu akamanga bawuti imodzi mpaka kuthina kwambiri, fulanje imapendekeka: mbali imeneyo gasiketi imaphwanyika, mbali inayo pamatsala mpata. Akamatsata mabawuti mondondoza, vuto limakula, chifukwa bawuti iliyonse ikafinya gasiketi, yoyandikana nayo, yomwe inali itathina kale, imakhwefuka. Pomaliza kuzungulira, yoyamba ija imakhala ikugwedera.

N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amadumphadumpha, monga momwe amakanika amamangira manati a tayala la galimoto. Titenge paipi ya mainchesi 4 yokhala ndi fulanje yolembedwa DN100 PN16, yomwe imalowa mabawuti 8 a M16. Mmisiri amalemba ndi choko manambala 1 mpaka 8 kuzungulira fulanje, kenako amamanga 1, n'kulumphira tsidya ku 5, kubwera ku 3, kulumphira ku 7, ndiye 2, 6, 4 ndi 8. Mutajambula njira imene sipanala yayenda, patuluka nyenyezi.

Komatu kupingasa kokha sikokwanira. Malangizo a bungwe la mainjiniya la ku America, otchedwa ASME PCC-1, amati mphamvu izikwera pang'onopang'ono. Mabawuti amayamba apakidwa mafuta n'kumangidwa ndi zala. Tiyerekeze kuti wopanga gasiketi walamula 100 Nm: ulendo woyamba sipanala yoyeza mphamvu imaikidwa pa 30, wachiwiri pa 60, wachitatu pa 100, maulendo onsewo mopingasa. Pakati pa maulendowa mmisiri amayeza mpata wa pakati pa mafulanje kuzungulira konse. Ukakula mbali imodzi, amayamba wakonza pamenepo asanapitirire. Pamapeto penipeni m'pamene amazungulira mondondoza, 1, 2, 3 mpaka 8, kubwereza mpaka nati iliyonse itasiya kutembenuka.

Apa ndi pamene aulesi amalongedza zida. Koma gasiketi yofewa imapitiriza kuphwa ikapanidwa, choncho malangizo omwewo amati padutse maola osachepera 4, kenako mabawuti awazungulirenso kamodzi.

Gasiketi yakale imaulula yokha mmene inamangidwira. Ikatuluka yopyapyala mbali imodzi, kwinako ili yonenepa, ndiye kuti mabawuti sanathine mofanana, ndipo yotereyo siibwezeretsedwa. Amene waona dontho pa fulanje asathamangire kuthinitsa bawuti ya pamenepo madzi kapena nthunzi ili m'kati: ayambe watseka vavu, mphamvu ya m'paipi ithe, ndiye agwire sipanala.