Musanakonze pulogalamu yakale, yambani mwadziwa zomwe imachita

Pali mapulogalamu a pakompyuta omwe akhala akugwira ntchito zaka zambiri, eni ake omwe anawalemba anachoka kalekale, ndipo otsala amaopa kuwakhudza. Ukakonza apa, pena pamawonongeka, ndipo umadziwira pa madandaulo a makasitomala. Michael Feathers, m'buku lake la mu 2004 lotchedwa Working Effectively with Legacy Code, anafotokoza njira yothetsera manthawa: kulemba matesiti ojambula khalidwe la pulogalamuyo. Tesiti yotere sifunsa ngati yankho lili lolondola. Imangosunga zomwe pulogalamu ikuchita lero, kuti mawa zikasintha ichenjeze.

Tiyerekeze kuti bungwe lobwereketsa ndalama lili ndi kachigawo ka pulogalamu kowerengera chindapusa cha ochedwa kubweza ngongole, ndipo palibe akudziwa bwino malamulo ake. Wokonza amayamba ndi kulemba dala yankho labodza:

```python
def test_masiku_7():
    assert chindapusa(10000, 7) == 0
```

Akayendetsa `pytest`, tesiti imalephera n'kuonetsa `assert 200 == 0`. Pamenepo pulogalamu yaulula yokha: ngongole ya K10,000 ikachedwa masiku 7, chindapusa ndi K200. Amachotsa 0 n'kulemba 200, tesiti n'kudutsa. Kenako amayesa m'malire. Masiku 6 akupereka 0, masiku 13 akupereka 200, masiku 14 akupereka 400. Lamulo laoneka: 2 peresenti pa sabata iliyonse yathunthu.

Nanga munthu wobweza kutatsala tsiku limodzi? Atayesa -1, yankho likutuluka -200, chifukwa mu Python `-1 // 7` amapereka -1, osati 0. Ndiye kuti wobweza msanga wakhala akuchotseredwa K200. Mtima umafuna kukonza pompo, koma apa m'pofunika kudekha. Mwina ndi cholakwika, mwinanso makasitomala anazolowera kuchotseredwako ndipo mabuku a ndalama a zaka zonsezi anatsekedwa motero. Wokonza alembe -200 mu tesiti, aikepo chizindikiro choti n'zokayikitsa, akafunse oyang'anira ngongole. Chigamulocho n'chawo.

Njirayi ili ndi malire ake. Imateteza zokhazo zomwe zayesedwa, ndipo imasunga zolakwika pamodzi ndi zabwino. Ngati pulogalamu imadziwerengera yokha deti la lero, tesiti imadutsa lero n'kulephera mawa, choncho detilo liyenera kumangidwa kuti lisasunthe.

Pomaliza, matesitiwo nawonso amafunika kuwayesa, ndipo ine ndimaona kuti apa mpomwe sipayenera kudumphidwa. Sinthani dala 7 wa m'pulogalamu akhale 8, muyendetsenso. Matesiti a masiku 7 ndi 14 ayenera kulephera. Onse akadutsa, ndiye kuti sakulondera mzere umenewo, ndipo musayambe kukonza musanawonjezere ena.