Katswiri wovuta kugwira naye ntchito: muzimuunika bwanji?

Tiyerekeze muli ndi makaniko amene amakonza injini yokanika anzake onse, koma amakalipira ophunzira ntchito mpaka awiri apempha kusamutsidwa. Fomu yomuunika pakutha pa chaka ikafika, musaphatikize luso ndi khalidwe n'kumupatsa mamakisi apakatikati, chifukwa mukatero mwabisa zonse ziwiri.

Luso lipatseni mamakisi ake onse. Pa khalidwe, musalembe kuti “ndi wamwano”. Adzakana, ndipo mudzasowa umboni. Lembani zimene anachita, tsiku lake ndi zotsatira zake: anazazira mnzake pamaso pa kasitomala, galimoto inachedwa kutuluka.

Kenako gwirizanani chimene asinthe ndi tsiku lodzaonanso. Nkhani yoti simunamuuzepo chaka chonse isayambire pa fomuyo.