Chingwe Chopotedwa Patatu: Mawu a Nkhoswe pa Tsiku la Ukwati

Pa madyerero a ukwati, perekaniperekani asanayambe, nkhoswe kapena mkulu wa mpingo amapatsidwa mphindi zochepa zoti alangize banja latsopano. Ambiri amathamangira pa Mlaliki 4:12, vesi lonena za kulimba kwa chingwe chopotedwa patatu. Amaliwerenga, n'kunena kuti mwamuna, mkazi ndi Mulungu ndiwo atatuwo, basi n'kukhala pansi. Mawu ndi abwino, koma akawafulumiza chotere, anthu amaomba m'manja osatolapo kanthu.

Wolankhula ayambire m'mbuyo pang'ono. Vesi 8 likunena za munthu amene ali yekhayekha, wopanda mwana kapena m'bale, wongogwira ntchito osapuma. Kuyambira vesi 9 mpaka 12 mlembi akuonetsa ubwino wa kukhala awiri: ntchito imapindula, wina akagwa mnzake amamudzutsa, usiku wozizira amafunditsana, ndipo wachiwembu amalephera kuwagonjetsa. Ndimeyi siitchula ukwati, siitchulanso kuti wachitatuyo ndi Mulungu. Kumeneko ndi kumasulira kwa alaliki, koyenera ndithu pa ukwati wachikhristu, koma nkhoswe yoona mtima inene poyera kuti ikubwereka mawu onena za ubwenzi.

Kenako atulutse khonje m'thumba. Amene anapotapo chingwe cha mbuzi pa ntchafu amadziwa kuti kachingwe kalikonse kamayamba kapotedwa pakokha kulowera mbali imodzi, ndipo pophatikiza amatizunguliza mbali inayo. Kalikonse kamafuna kumasuka, koma pofuna kumasukapo kamakanikiza tinzake, motero chingwe chimadzimanga chokha. Mukapotera zonse mbali imodzi, chimasomphoka mukangochisiya. Tikakhala titatu, kalikonse kamakhudza tiwiri tinato, ndipo katundu timagawana. Koma kamodzi kakalefuka, kamatumphuka pambali, tiwiri totsalato n'kumasenza zonse mpaka kuyamba kunyotsoka.

Apa nkhoswe ingathe kupatsa mkwati nsonga ina, mkwatibwi ina, n'kunena kuti: "Ana anga, simunachokere m'nyumba imodzi, ndipo simudzaganiza chimodzimodzi. Kusiyanako musakuope. Muope tsiku limene mmodzi adzasiyire mnzake lendi, matenda ndi pemphero zonse."

Chimene ine chimandipweteka ndi kumva wolankhula akuti kachingwe kachitatu ndi mwana. Mu holo imeneyo muli mabanja amene adikira zaka zambiri osaona mphatso, ndipo mkwatibwi sakudziwa za mawa. Kuwauza kuti banja lawo ndi losakwanira ndi kuwabaya pa tsiku la chimwemwe, ndipo lembalo silinanene zimenezo.

Asalonjezenso zopitirira. Vesili likuti chingwe chotere chimachedwa kuduka, osati sichingaduke. Khonje losiyidwa pamvula limafumbwa. N'chifukwa chake nkhoswe isanakhale pansi iwauze awiriwo, anthu onse akumva, kuti zikayamba kuvuta abwere msanga, nkhani isanafike pomanga katundu.