1999 kapena 2004: Pepala Liti Lotchula Pamene Kafukufuku Anasindikizidwa Kawiri?

Wophunzira wa kuyunivesite akamalemba lipoti la kafukufuku wake, amayenera kusonyeza kumene watenga mfundo iliyonse imene si yake. Amalemba dzina la mwini mfundoyo ndi chaka m'kati mwa chiganizo, ndipo kumapeto amaika mndandanda wa zonse zimene wawerenga. Vuto limabwera akapeza kuti katswiri yemweyo analemba za ntchito yomweyo kawiri: koyamba pepala lalifupi limene anakaliwerenga pamsonkhano wa akatswiri, kenako patapita zaka pepala lina m'magazini ya kafukufuku. Atchule liti? Ambiri amangotola limene latulukira pamwamba atafufuza pa intaneti. Ena anauzidwa ndi aphunzitsi awo kuti la m'magazini ndiye loyenera nthawi zonse. Malangizo a aphunzitsiwo ndi abwino kawirikawiri, koma pali pamene amasocheretsa.

Zimachitika kwambiri m'maphunziro a makompyuta ndi uinjiniya, kumene misonkhano ili ndi ulemu waukulu. Katswiri akatulukira chinthu amathamangira nacho kumsonkhano kuti anzake achidziwe msanga. Kumeneko amamupatsa malire a masamba, ndipo ounika mapepala amakhala ndi nthawi yochepa, kawirikawiri amangoti lalandiridwa kapena lakanidwa. Pambuyo pake katswiriyo amakhala pansi, n'kuyesanso, n'kukonza zimene anzake anamufunsa, n'kutumiza pepala lalitali ku magazini. Kumeneko ounika akhoza kulibweza kangapo mpaka atakhutira. Magazini otere amafunanso kuti pakhale zatsopano zooneka, osati kungosintha mutu. Choncho mapepala awiriwa ndi apachibale, koma sanena zofanana m'zonse.

Nkhani ya David Lowe, yemwe panthawiyo ankaphunzitsa pa yunivesite ya British Columbia ku Canada, ikusonyeza bwino kusiyanaku. Lowe anatulukira njira yotchedwa SIFT, yothandiza kompyuta kuzindikira kuti chinthu chimene chili pachithunzi ichi ndi chomwecho chili pachithunzi icho, ngakhale china chajambulidwa patali, china pafupi, kapena kamera inapendekeka. Kompyuta imasankha timadontho tapadera pachithunzi, monga pangodya ya zenera, n'kufotokoza kadontho kalikonse ndi mndandanda wa manambala. Ikapeza mindandanda yofanana pazithunzi ziwiri, imadziwa kuti ndi malo amodzimodzi.

Lowe anaulula njirayi mu 1999 pamsonkhano wa ICCV umene unachitikira pachilumba cha Corfu ku Greece. Pepalalo linali la masamba 8, ndipo mutu wake unali "Object recognition from local scale-invariant features". Mu 2004 anatulutsa lina la masamba 20 m'magazini ya International Journal of Computer Vision, la mutu wakuti "Distinctive image features from scale-invariant keypoints". Onani kuti mitu ndi yosiyana, moti munthu wongofufuza ndi mutu sangadziwe kuti pali pepala linzake. Lowe mwiniwake ndi amene amakuuzani: m'pepala la 2004 amatchula la 1999, n'kunena kuti latsopanoli likuzama pa ntchito yoyamba ija ndipo lakonza zinthu zingapo.

Tiyerekeze tsopano kuti wophunzira wagwiritsa ntchito SIFT polumikiza zithunzi za minda zojambulidwa kuchokera m'mwamba. M'lipoti lake walemba kuti SIFT imafotokoza kadontho kalikonse ndi manambala 128, ndipo kutsogolo kwa chiganizocho waika "Lowe, 1999" chifukwa anamva kuti ndicho chaka chimene njirayi inayamba. Woyesa mayeso wakhama atsegula pepala la 1999 kuti aone. Sapezamo zimenezo. M'pepala limenelo mndandanda uli ndi manambala 160. Nambala ya 128 ili m'pepala la 2004, mmene Lowe anagawa kamalo kozungulira dontho m'timabokosi 16, tinayi m'litali ndi tinayi m'lifupi, ndipo m'kabokosi kalikonse anawerenga mbali 8 zolozerako. Mukachulukitsa 16 ndi 8 mupeza 128. Mfundo ya wophunzirayo ndi yoona, koma watumiza wowerenga kunyumba yolakwika, ndipo woyesayo ayamba kukayikira ngati mwanayo anawerengadi zimene watchula.

N'chimodzimodzi ndi lamulo losankhira madontho ofanana limene anthu ambiri ogwiritsa ntchito SIFT amalitsatira. Kompyuta ikapeza dontho lofanana kwambiri ndi limene ikufuna, imayang'ananso lachiwiri pakufanana, n'kuyerekeza ziwirizo. Ngati loyamba silikuposa lachiwiri mokwanira, imataya zonse. Malire a 0.8 amene amatchulidwa pa lamuloli ali m'pepala la 2004. Amene wagwiritsa ntchito lamuloli ayenera kutchula 2004, palibe kuchitira mwina.

Koma wophunzira yemweyo, m'mutu wofotokoza mbiri ya ntchitoyi, akhoza kulemba chiganizo chonena za nthawi imene SIFT inayamba kudziwika, kapena chofanizira amene anayamba pakati pa Lowe ndi akatswiri ena. Apa akaika 2004 walakwitsa ndi zaka zisanu. Aliyense amene anatulutsa njira yofananako mu 2001 kapena 2002 adzaoneka ngati ndiye anatsogola, pamene anabwera m'mbuyo. Uku n'kumulanda munthu ulemu wake, ndipo ine ndimakuona kuti ndi kulakwa kwakukulu kuposa kuja kwa manambala, chifukwa ena amakopera mbiri yopotokayo n'kuifalitsa. Pankhani ya amene anayamba, pepala la pamsonkhano ndilo mboni.

Ndiye kuti lipoti limodzi likhoza kutchula onse awiri popanda cholakwika: 1999 pamene mukunena za chiyambi, 2004 pamene mukunena za njira imene mwagwiritsa ntchito. Mndandanda wa kumapeto ukhala ndi mizere iwiri ya Lowe. Chosafunika ndi kumata zaka zonse ziwiri pa chiganizo chilichonse pofuna kudziteteza, chifukwa wowerenga sadziwa kuti atsegule liti, ndiponso akhoza kuganiza kuti pali maumboni awiri osiyana pamene ntchito ndi imodzi.

Nanga ngati mfundo imene mukufuna ili m'mapepala onse awiri mofanana? Apo ndi pamene malangizo a aphunzitsi aja amagwira ntchito. Tchulani la m'magazini. Linaunikidwa mozama, zolakwika zimene zinapezeka pambuyo pa msonkhano zinakonzedwa, ndipo wowerenga wanu akalitsegula apeza kufotokoza kokwanira. Magazini amasungidwanso bwino kuposa mabuku a misonkhano ing'onoing'ono, amene ena amasowa okonza msonkhanowo akangobalalika.

Komabe musaganize kuti lotuluka pambuyo ndi lalitali nthawi zonse. Jeffrey Dean ndi Sanjay Ghemawat a ku Google anafotokoza MapReduce, njira yogawira ntchito yaikulu kwa makompyuta ambirimbiri, pamsonkhano wa OSDI mu 2004. Mu 2008 pepala la mutu womwewo linatuluka m'magazini ya Communications of the ACM, koma linali lofupikitsidwa, la masamba 7 okha, lolembera owerenga ambiri. Manambala ena anasinthanso. La 2004 limanena za ntchito zopitirira 1,000 patsiku, pamene la 2008 limanena za ntchito pafupifupi 100,000 patsiku. Wofuna tsatanetsatane wa mmene njirayi inamangidwira apite ku la pamsonkhano. Wofuna kusonyeza mmene inakulira atchule la 2008. Popeza mutu ndi umodzi, apa ndi pamene anthu amasokoneza kwambiri.

Kusokonezako kumaonekera pamzere wa kumapeto. Mupeza dzina la magazini lili limodzi ndi chaka cha msonkhano, kapena dzina la msonkhano lili ndi nambala ya voliyumu ndi masamba a m'magazini. Mzere wotere ukunena za pepala limene kulibe. Kawirikawiri umabadwa chonchi: munthu wawerenga pepala limene walipeza laulere, kenako wapita pa Google Scholar n'kudina `Cite` n'kukopera zimene zatuluka osayang'ana. Google Scholar imasonkhanitsa pamodzi mapepala amene ikuwaona ngati amodzi, ndipo zimene imakupatsani zikhoza kukhala za pepala lina osati limene lili m'manja mwanu.

Kupewa kwake sikovuta, kumangofuna kufatsa. Tsegulani tsamba loyamba la pepala limene mwawerenga ndipo muone pamwamba ndi pansi pake, pamene pamalembedwa dzina la msonkhano kapena la magazini ndi chaka. Pamapepala a m'magazini yang'anani timawu ta m'munsi mwa tsamba loyamba, chifukwa olemba ambiri amanena pamenepo kuti mbali ina ya ntchitoyi inawerengedwa kale pamsonkhano wakutiwakuti. Ngati muli ndi la pamsonkhano, fufuzani dzina la wolemba muone zimene anatulutsa m'zaka zotsatira. Pankhani za makompyuta, tsamba la dblp limandandalika mapepala a munthu chaka ndi chaka, ndipo limasiyanitsa a m'magazini ndi a pamsonkhano. Chotsiriza ndi nambala ya DOI, imene imakhala yakeyake pa pepala lililonse. La Lowe la 1999 ndi `10.1109/ICCV.1999.790410`, ndipo la 2004 lili ndi ina yosiyana kotheratu. Mukalemba nambalayo pa doi.org n'kufika pa pepala losiyana ndi limene mwawerenga, mzere wanu uli ndi vuto.

Pali vuto lina limene ophunzira ambiri kwathu kuno amalidziwa bwino. Pepala la m'magazini limafuna ndalama kuti mulitsegule, pamene la pamsonkhano likupezeka laulere. Chiyeso chake n'chakuti muwerenge laulerelo koma mutchule la m'magazini kuti lipoti lioneke lapamwamba. Musatero. Mukanachita zimenezo ndi SIFT, mukanalemba manambala 160 n'kuika 2004, ndipo pepala limene mwatchulalo likanakutsutsani. Yambani mwafunsa woyang'anira laibulale ya pasukulu panu ngati angalipeze, onani patsamba la wolembayo pa intaneti popeza ambiri amaikapo mapepala awo, kapena mulembereni kalata yaulemu yopempha. Zikakanika, tchulani la pamsonkhano limene mwawerengalo, ndipo muwauze aphunzitsi okuyang'anirani kuti pali lina la m'magazini limene simunalipeze.

M'maphunziro a zaumoyo chenjezo ndi lalikulu kuposa apa. Kumeneko zimene zimatuluka pamsonkhano nthawi zambiri ndi kachidule ka ndime imodzi kapena ziwiri, kolembedwa nthawi zina kafukufuku asanathe, odwala ena asanawerengedwe. Pepala lathunthu likadzatuluka, chiwerengero cha odwala ndi zotsatira zikhoza kukhala zitasintha. Ngati lathunthulo lilipo, tengani manambala anu m'menemo, ndipo kachidule ka pamsonkhano katchulidwe pokhapokha mukufotokoza nthawi imene zotsatirazo zinalengezedwa koyamba.