Mbale Yolankhula: Zimene Ayuda Amaika pa Tebulo la Paska

Dzuwa likalowa ndipo tsiku la 15 la mwezi wa Nisani layamba, banja la Chiyuda limakhala pansi mozungulira tebulo. Ku Yerusalemu kaya ku Nyuyoko, pakati pa tebulopo pamakhala mbale yaikulu imene palibe angakhute nayo: kafupa kowotcha, dzira limodzi lowaukira, timasamba, muzu woluma ndi kaphala kofiirira. Mwana wamng'ono pa onse amaimirira nkufunsa mafunso anayi odabwa ndi usikuwo. Akuluakulu amamuyankha ndi nkhani ya m'buku la Eksodo, koma yankho lenilenilo mwanayo amalimva pa lilime.

Mwambowu umatchedwa Seda, mawu a Chihebri otanthauza dongosolo, chifukwa chilichonse chili ndi nthawi yake. Buku lotsogolera mwambowu ndi Hagada. Ku Israeli chikondwerero cha Paska chimatenga masiku 7 ndipo Seda imachitika kamodzi. Ayuda ambiri okhala kunja amasunga masiku 8 nkuchita Seda mausiku awiri oyamba. Mphunzitsi wakale Gamaliyeli anaphunzitsa kuti munthu sanakwaniritse udindo wake usikuwu ngati sanafotokoze zinthu zitatu: nsembe ya Paska, mkate wopanda chofufumitsa ndi ndiwo zowawa. Tiyambire pamenepo.

Nsembe ya Paska ikuimiridwa ndi fupa lowotcha lija, lotchedwa zerowa. Limakumbutsa mwanawankhosa amene Aisraeli anapha ku Ejipito nkupaka magazi ake pa mphuthu za zitseko, kuti imfa ya ana achisamba iwapitirire. Kale nkhosayi inkaphedwa ku Kachisi wa ku Yerusalemu, koma chiphwasulireni Aroma Kachisiyo m'chaka cha 70, nsembe inatha. Nchifukwa chake fupali salidya ayi, amangoliyang'ana. Mabanja ambiri amaikapo khosi kapena phiko la nkhuku, ndipo ena sadya nkomwe nyama yowotcha usikuwo kuopa kuti angaoneke ngati akudya nsembe kunja kwa Kachisi. Mawu oti zerowa amatanthauzanso mkono, kukumbutsa mkono wotambasuka umene Mulungu anawombolera nawo anthu ake. Pambali pake pali dzira, beitsa. Amayamba aliphika kenaka nkuliwaula mpaka chikhungwa chide. Likuimira nsembe ina yachikondwerero imene inkaperekedwa pamodzi ndi nkhosayo, komanso ndi chakudya chimene Ayuda amapatsa anamfedwa. Motero pakati pa chimwemwe pali kachisoni kolira Kachisi.

Mkate wopanda chofufumitsa, matsa, ndiwo mwini usiku. Ndi wopyapyala, wouma, wothyoka ngati bisiketi, wopangidwa ndi ufa ndi madzi basi. Lamulo lake nlokhwima: kuchokera pamene madzi akhudza ufa kufikira mkate utapsa, pasapite mphindi 18. Zikapitirira, mtandawo amauyesa kuti wayamba kufufuma, wasanduka hametsi, ndipo sungadyedwe pa Paska. Nchifukwa chake ophika amaukanda mosapumira, nkuubowolabowola kuti usatupe, nkuuponya mu uvuni wotentha kwambiri. Paska asanafike, nyumba yonse imasesedwa, mpaka m'matumba a zovala, kufunafuna nyenyeswa za buledi.

Matsa ali ndi nkhope ziwiri. Ndi mkate wa masautso, chakudya cha kapolo wosowa nthawi ndi zokometsera. Koma ndi mkatenso wa ufulu, poti Aisraeli anatuluka mwaliwiro mtanda wawo usanafufume. Pa tebulo amasanjikiza atatu, amene ambiri amati akuimira ansembe, Alevi ndi Aisraeli ena onse. Wotsogolera amatenga wapakati nkuunyema pawiri mosalingana. Chidutswa chaching'ono amachibwezera, monga mmphawi amadyera pang'ono nkusungako za mawa. Chachikulucho, afikomani, amachikulunga mu nsalu nkuchibisa. Ana amachisakasaka, ndipo wochipeza amalandira mphatso. Nzeru yake nja makolo enieni: mwana amene akudikira mphatso sagona nkhani isanathe.

Tsono ndiwo zowawa, marori. Ayuda ochokera ku Ulaya wa kum'mawa amapala muzu wa hosiradishi, umene ukali wake umakwera m'mphuno mpaka misozi mbwee. Umafunika kusungidwa m'botolo lotseka, chifukwa ukakhala pamtunda ukali umauluka, ndipo marori wosaluma sakuphunzitsa kanthu. Mbale zambiri zimakhalanso ndi masamba owawa achiwiri, hazereti, amene kawirikawiri ndi letesi wamasamba aatali. Aphunzitsi akale anaona kuti letesi amakoma akali nthete, koma akakhwima amawawa. Momwemonso Ejipito: analandira banja la Yakobo ndi manja awiri m'masiku a Yosefe, kenaka anasandutsa zidzukulu zake akapolo. Ukapolo sudza ndi ng'oma, umayamba mokoma.

Zowawazo amaziviika mu haroseti, kaphala kooneka ngati dothi lomangira njerwa za Farao. Ku Ulaya ankadula maapulo ndi mtedza tizidutswa nkuthira sinamoni ndi vinyo wofiira. Ayuda a ku Mediteraniyani ndi ku Mideloisiti amasinja zipatso za kanjedza, nkhuyu kapena mphesa zouma. Chodabwitsa nchakuti chizindikiro cha thangata ndicho chotsekemera kuposa zonse pa mbalepo. Komabe munthu akaviika amasansako haroseti wochuluka, kuti kutsekemera kusaphimbe kuwawa. Pambuyo pake amaika zowawa pakati pa zidutswa ziwiri za matsa nkudyera pamodzi, kutsanzira mphunzitsi Hileli amene ankatero Kachisi akalipo.

Chinthu chachisanu ndi chimodzi pa mbale ndi karipasi, chimene chimadyedwa poyambirira penipeni. Ndi kamasamba kobiriwira monga pasile kapena selari, ngakhale ena amagwiritsa ntchito mbatatesi yophika. Kubiriwirako kukunena za nyengo yophukira zomera, poti kumeneko Paska amadza dzinja lozizira litangotha. Koma amakaviika m'madzi amchere, misozi ya akapolo.

Aliyense amamwanso zikho zinayi za vinyo kapena madzi a mphesa, molingana ndi malonjezo anayi a pa Eksodo 6:6-7, oti Mulungu adzawatulutsa, adzawalanditsa, adzawawombola ndi kuwatenga akhale anthu ake. Amamwa atatsamira kumanzere, kakhalidwe ka mfulu za makedzana, pakuti kapolo ankadya chiimire. Potchula miliri khumi, aliyense amadonthetsa dontho la vinyo pa mliri uliwonse. Ambiri amafotokoza kuti chikho cha chimwemwe sichingakhale chodzaza pamene Aejipito, anthu anzawo, anavutika. Chikho china amachidzazira mneneri Eliya, wolengeza chiwombolo chimene chikudza. Palibe amachimwa pa mwambowo, ndipo amamutsegulira chitseko.

Zizindikiro zikatha mpamene chakudya chokhutitsa chimabwera. M'mabanja ochokera ku Ulaya mumapezeka mazira ophika oviika m'madzi amchere, msuzi wa nkhuku wokhala ndi timibulu ta ufa wa matsa, nsomba yosinja ndi nyama ya ng'ombe yophika nthawi yaitali. Mwamwambo iwowa sadya mpunga kapena nyemba pa Paska, pamene mabanja ambiri ochokera kumaiko a Aluya amadya.

Anthu akakhuta, afikomani uja amabwerera pa tebulo, ndipo ayenera kudyedwa pakati pa usiku pasanakwane. Aliyense amalandira kachidutswa, m'malo mwa nyama ya nsembe imene kale inkatsiriza chakudya. Pambuyo pake palibenso chodya china, kungotsala zikho ziwiri zomaliza. Mwana amene anayamba usiku ndi mchere wa misozi amakagona kukoma kwa matsa kuli m'kamwa, mkate womwe uja makolo ake anausenza pa mapewa potuluka mu Ejipito.